Momwe mungafunsire mwini posita m'mphindi ziwiri zokha

Misonkhano yambiri ya zaumoyo imachitikira kuno ku Mangochi, m'mahotela a m'mbali mwa nyanja cha ku Nkopola ndi Makokola. Ikafika nthawi ya tiyi, ochita kafukufuku amaima pafupi ndi maposita awo, mapepala aakulu oonetsa zomwe anapeza, anthu n'kuwaunjirira. Mukapeza mpata, ndi wa mphindi ziwiri basi. Zimandiwawa kuona mlangizi wa zaumoyo wochokera ku Namwera kapena ku Malombe akufunsa kuti "tandifotokozereni za kafukufukuyu", mwini posita n'kuyamba kulakatula zomwe analoweza, nthawi n'kutha.

Tiyerekeze kuti posita yake ndi ya likodzo, ndipo ikuti mwa ana asukulu 200 omwe anayezedwa, 60 anapezeka nalo.

Choyamba, werengani musanayankhule. Imani chapatali pamene mwini wake akucheza ndi ena, muone mutu, chiwerengero cha anthu oyezedwa ndi mawu a kumapeto. Zomwe zalembedwa kale musafunsenso. Mpata ukapezeka, dzitchuleni mwachidule: "Zikomo mayi, ndine mlangizi wa zaumoyo ku Malombe, ndili ndi mafunso awiri." Akadziwa ntchito yanu, amayankha molingana ndi inu.

Funso loyamba likhale la omwe sanawerengedwe: "Ana 200 amenewa munawapeza bwanji, nanga omwe sanabwere kusukulu tsikulo?" Ife a kunyanja timadziwa kuti mwana wojomba nthawi zambiri amakhala ali kudooko, akuthandiza kukoka khoka kapena akusambira. Ameneyo ndi amene amakhalitsa m'madzi momwe muli nkhono zofalitsa likodzo. Ngati anayeza okhawo omwe anali m'kalasi, ana 30 pa 100 alionse aja akhoza kukhala ochepa poyerekeza ndi momwe zilili m'mudzi. Wodziwa ntchito yake amayankha msanga kuti m'kaundula munali ana angati, ndipo anabwera angati. Akayamba kuzungulira, dziwani kuti chiwerengerocho chikunena za ana opezeka kusukulu okha.

Funso lachiwiri ndiye lofunika kulikonzekera bwino: "Munayeza ndi chiyani, nthawi yanji?" Pali kakapepala koviika mumkodzo komwe kamangoonetsa ngati muli magazi. N'kachangu, koma magazi amabweranso ndi zina, monga matenda a m'chikhodzodzo kapena kusamba kwa atsikana osinkhuka. Njira ina ndi yosefa mamililita 10 a mkodzo n'kuwerenga mazira a nyongolotsi za likodzo pa maikulosikopu. Apa nthawi ndi nkhani yaikulu, chifukwa mazira amatuluka ambiri pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana. Mkodzo wotengedwa ana akungofika kusukulu ukhoza kubisa odwala ena. Akati anasefa, onjezerani kuti: "Ndi angati anali ndi mazira 50 kapena kuposa?" Pamenepo ndi pomwe bungwe la WHO limati matenda ndi aakulu, ndipo ana 60 okhala ndi mazira ochepa si chimodzimodzi ndi ana 60 odzaza mazira.

Musaiwalenso kuti likodzo lili mitundu iwiri. Kuno tinazolowera la m'chikhodzodzo, koma m'zaka zapitazi la m'matumbo lapezekanso mwa ana a m'mbali mwa nyanja m'boma lino, ndipo mazira ake amawafufuza m'chimbudzi. Posita yomwe inangosefa mkodzo sinakuuzeni kanthu za mtundu wachiwiriwu.

Ngati kumbuyo kwanu sikunadzaze, ponyani lachitatu: "Anawa anamwa liti mankhwala a pirazikwantelo?" Mankhwala a likodzowa amagawidwa m'masukulu, ndipo kuyeza patangopita milungu yochepa chigawireni kumapereka chiwerengero chotsika chomwe sichikhalitsa, poti ana amabwerera m'madzi omwewo. Yankho lake ndi mwezi ndi chaka, silidya nthawi.

Mafunsowa afunseni limodzilimodzi. Mukawaphatikiza, munthu wotopa amayankha lomaliza lokha. Ndipo musasandutse funso kukhala ulaliki wa zomwe mumaona kudera kwanu, ngakhale zili zoona. Ambiri mwa oima pa maposita ndi ophunzira omwe ndi koyamba kuonetsa ntchito yawo, choncho kafunsidwe kanu kakhale kofuna kumva, osati kowakola. Akanena kuti "zimenezo sitinaziyeze", limenelo ndi yankho labwino, lilembeni.

Mukaona maso awo ayamba kuyang'ana munthu wina, nthawi yanu yakwana. Pemphani chilolezo musanajambule posita ndi foni, chifukwa zina zimakhala zisanasindikizidwe ndipo eni ake safuna kuti zifalikire. Kenako nenani kuti: "Zikomo kwambiri mayi, ndingakupezeni pa nkhomaliro kuti tipitirize?" Mukachoka, lembani mayankho aja pomwepo m'kope lanu pamodzi ndi nambala ya posita, musanafike pa ina.