Malangizo a kamera ya foni m'Chinyanja: Beauty, HDR ndi Night, kuti chithunzi chenicheni chisaoneke chabodza

Kapepala kamene kamabwera mkabokosi ka foni kamangokuuzani poika simu ndi potchajira basi, za kamera mumakazipeza mkati mwa foni momwemo ndipo zili mchizungu chokhachokha. Ine ndimakonza mafoni ndi kutsuka zithunzi pa Chitakale kuno ku Mulanje, ndiye malangizo amenewo ndawaika m'Chinyanja chifukwa cha inu abale a ku Chipata, Katete ndi Lusaka amene mumalandira zithunzi zochokera kuno nkuyamba kukayika. Kujambula kumene ndikunenaku ndi kuja ena mwa inu mumati kukopa.

Chandilembetsa ndi nkhani ya mnyamata wina amene anabwera pa shopu nkhope ili gwaa. Achimwene ake amagwira ntchito ku Lusaka ndipo akhala akutumiza ndalama zomangira mayi awo nyumba, malata atakhomedwa mnyamatayo anaimika mayiwo pakhonde cha m'ma 5 madzulo nkuwajambula, phiri likuoneka kumbuyo. Yankho lochokera ku Lusaka linali loti "iwe usandipusitse, nyumbayi wachita kumata, komanso amayi si amenewa." Chithunzicho ndinachikulitsa pa kompyuta ndipo kunena zoona achimwenewo sanalakwe kukayika. Mmphepete mwa denga ndi mwa phiri munali kamzere koyera ngati wina wadula ndi lumo nkumata, mphini za pa masaya a mayi zinasowa, felemu ya chitseko inapindika pang'ono pafupi ndi tsaya lawo, ndipo kamwana kamene kamadutsa kumbali kanali ndi mkono ndi theka mbali imodzi. Mnyamatayo sadziwa nkomwe kuedita. Zonsezo inachita ndi foni yokha, mu sekondi imene anadina batani.

Choyamba muyenera kudziwa ndi ichi: foni ya masiku ano mukadina kamodzi siijambula kamodzi. Diso lake ndi laling'ono kwambiri, silikola kuwala kokwanira, ndiye imajambula zithunzi zingapo mothamanga nkuzisakaniza kukhala chimodzi, chimene mumaona mu galare ndi chophikaphika kale.

HDR

Malangizo amati yatsani `HDR` pamene mbali ina ya chithunzi ikuwala kwambiri ina ili mumthunzi. Mmene imagwirira nkuti imatenga chithunzi chakuda choti mitambo ioneke, chapakati, ndi chowala choti za mumthunzi zioneke, kenako pa chilichonse imasankhapo mbali yabwino. Pa chithunzi cha nyumba ija dzuwa linali litapendeka, thambo likuwala koma khonde lili mumdima, ndiye foni inadetsa thambo nkuwalitsa khonde, koma pamalire pomwe denga lakumana ndi thambo imachita kusalaza kuti pasaoneke msoko, kusalazako ndi kumene kumasiya kamzere koyera kaja. Kuno kwathu zimachuluka chifukwa phiri la Mulanjeli ndi lalitali, nsonga yake ya Sapitwa ndi mamita 3,002, kulikonse mungaime kumbuyo kwanu kuli chimwala chakuda chogundana ndi thambo lowala, ndiye zithunzi za ku Mulanje zambiri zimaoneka ngati za mu situdiyo zija za kansalu kumbuyo. Onjezani minda ya tiyi imene foni imaibiriwitsa mopyola, wa ku Lusaka angakhulupirire bwanji.

Mkono ndi theka uja nawo ndi wa HDR. Pakati pa chithunzi choyamba ndi chomaliza mwana anali atasuntha, foni posakaniza inatenga mkono apa ndi chidutswa cha mkono womwewo apo.

Kusiyanitsa kwake nkosavuta mukadziwa poyang'ana. Kamzere ka HDR sikasankha, mukapeza pa denga mukapezanso pa mtengo wa mapeyala, pa waya wa magetsi, pa mutu wa munthu, paliponse pomwe chakuda chakhudza thambo, ndipo kamazimirira pang'onopang'ono ngati utsi. Chomata chimakhala ndi malire akuthwa pa chinthu chimodzi chokhacho, ndipo nthawi zambiri mthunzi wake umaloza kwina kosiyana ndi mithunzi ya zinthu zina. Kubwereza kwa ziwalo nako kumagwira zoyenda zokha, mwana, nkhuku, masamba a nthochi kukakhala mphepo. Khoma silingabwerezedwe pokhapokha wojambulayo dzanja linagwedezeka.

Kuzimitsa: tsegulani kamera, pamwamba pa sikirini pali `HDR`, dinani musankhe `Off` osati `Auto`. Mafoni ena anaibisa ku kagiya ka `Settings`. Koma ine sindikuuzani kuti muzizimitsa nthawi zonse ayi, mukazimitsa thambo limangoyera mbuu kapena munthu amada bii. Chabwino nkusuntha inuyo, dzuwa likhale kumsana kwa wojambula, foni isakhale ndi chovutikira.

Beauty

Apa ndiye pali mlandu weniweni, chifukwa pa mafoni ambiri chimabwera choyatsa kale makamaka pa kamera ya kutsogolo, ndipo mwini foni sadziwa. Pa Tecno, itel ndi Infinix, amene ndi mafoni a kampani imodzi ya Transsion ndipo ndi omwe adzadza kuno ndi kwanuko, muona mawu oti `Beauty` mmunsi pafupi ndi `AI CAM`, pa Samsung ndi kandodo ka matsenga pamwamba, mkati mwake muli `Face`. Foni imayamba yapeza pomwe pali nkhope, maso, mphuno ndi chibwano, kenako imasalaza khungu, imaliwalitsa, ndipo ngati zinayatsidwa imachepetsa masaya nkukulitsa maso.

Foni siidziwa kuti ichi ndi chiphuphu ichi ndi mphini, kwa iyo zonse ndi timadontho tofunika kufufuta, ndiye mphini za mayi aja, makwinya a pamphumi ndi kachipsera komwe ana awo amawadziwira zinapita limodzi. Mayi a zaka za m'ma 60 anatuluka ngati mtsikana wa pa chinkhoswe, mwana wawo weniweni nkuwakana. Felemu yopindika ija inabwera chifukwa pochepetsa tsaya foni imakoka kachigawo konse ka chithunzi, zakumbuyo zimakokeka nazo, ndipo choipa nchakuti chizindikiro chimenechi ndi chomwecho chimene anthu amagwirira munthu amene wadzichepetsa mimba ndi fotoshopu. Apa diso lokha silingakuuzeni ngati anakoka ndi munthu kapena foni.

Chimene chimathandiza nkuyerekeza nkhope ndi khosi ndi manja. `Beauty` kawirikawiri imathera pa nkhope, ndiye muona nkhope yosalala yoyererako koma manja ali ndi misempha ndi makwinya awo onse, komanso pa gulu imagwira aliyense amene wayang'ana kamera, wotembenukira kumbali imamusiya mmene alili. Munthu woedita sataya nthawi kusalaza anthu 8 nkusiya mmodzi woyang'ana kumbali.

Kuzimitsa: chokani pa `Beauty` mubwerere pa kamera wamba, kenako fufuzani ngati pali kachizindikiro ka nkhope, kokerani timizere tonse pa 0. Chitani kawiri, kamera ya kumbuyo payokha ya kutsogolo payokha, chifukwa mafoni ambiri amasunga zosankhazo padera. Chithunzi cha pa fomu ya ntchito, sukulu kaya chitupa musayerekeze nkomwe kujambula ili yoyatsa. Ndipo dziwani kuti ngakhale pa 0 kusalaza pang'ono kumatsalabe, chifukwa foni pochotsa timchenga ta mumdima imachotsanso tizibowo ta khungu. Ngakhale iPhone XS mu 2018 anthu anadandaula kuti ikusalaza nkhope chonsecho ilibe batani la `Beauty`, mpaka anakonza mu iOS 12.1.

Night

Ili limalembedwa `Night` kapena `Super Night`, kwina ndi kamwezi chabe. Google inabweretsa lake mu 2018, Apple mu 2019, pano lili mpaka mmafoni otchipa. Mukadina, foni imakuuzani kuti musagwedezeke kwa masekondi awiri mpaka asanu kapena kuposa malinga ndi mdima, nthawi yonseyo ikutola zithunzi nkumaziunjika kuti kuwala kuchuluke. Zotsatira zake usiku wa 8 koloko umaoneka ngati kukucha, ndiye wina akati "unati munafika usiku nanga bwanji kukuwala" mwayamba kale kudzitchinjiriza. Tsitsi ndi udzu zimaoneka ngati zopaka penti, munthu woyenda amaoneka mbuu khoma nkumaonekera mkati mwake ngati mzukwa, ndipo zilembo zing'onozing'ono zimaphwanyika, nambala ya galimoto kaya mawu a pa chikwangwani kumaoneka ngati zilembo koma zosawerengeka, zomwe masiku ano anthu amangoti basi chapangidwa ndi kompyuta ichi. Lisiti, mita ya magetsi kaya pepala la mgwirizano musajambule ndi `Night`, yatsani getsi kapena dikirani kuche. Ngati simungachitire mwina tsamiritsani foni pa njerwa, ikani taima ya masekondi atatu kuti chala chisaigwedeze, anthu aime chilili.

Potumiza

Theka la vuto la mnyamata uja linali pa katumizidwe. Chithunzi mu foni yake chinali pafupifupi 4 MB, chimene chinafika ku Lusaka sichinakwane ndi 300 KB yomwe, chifukwa WhatsApp mukatumiza mwa nthawi zonse imachifinya, mmphepete mwa zinthu mumabwera timabokosi, ndipo imachotsa zolembedwa zobisika za tsiku, nthawi ndi mtundu wa foni. Kuti chipite chathunthu dinani kachizindikiro komatira zinthu, sankhani `Document`, pezani chithunzicho. Bandulo imadyeka yambiri inde. Wolandira atsegule `Details` aona tsiku ndi dzina la foni, ndipo pa mafoni ambiri a Android dzina la fayilo limanena lokha, mwachitsanzo `IMG_20240615_170412.jpg` ndi pa 15 Juni 2024 nthawi ya 17:04. Koma musadalire izi zokha, wochenjera atha kuzisintha, ndiponso kupeza kamzere ka HDR sikutanthauza kuti palibe china chimene chinasinthidwa, kumangotanthauza kuti kamzereko si umboni wa chinyengo.

Ine ndinamuuza mnyamatayo kuti abwerere mmawa cha m'ma 9, `HDR` pa `Off`, `Beauty` pa 0, ajambule zitatu, kutsogolo, kumbali ndi chapafupi pa nkhope ya mayi, atumize ngati `Document`, kenako kavidiyo ka masekondi 15 akuyenda kuzungulira nyumba osadula, chifukwa kunamiza mbali zitatu ndi vidiyo kuti zonse zigwirizane ndi ntchito yaikulu kuposa kumata chithunzi chimodzi. Inu a kutalinu pemphani zomwezo musanayambe kukalipa pa foni.

Patapita masiku awiri anadutsa pa shopu akupita kukagula simenti. Akuti achimwene ake ataona mphini zija anangofunsa kuti nanga amayi aonda chonchi bwanji, mukuwapatsa chakudya koma?