Malangizo kwa mnyamata wochepa thupi mwachibadwa amene afuna kuwonjezera thupi popanda kudzipweteka

Malangizo awa akonzedwa ku Lilongwe kuti athandize anyamata olankhula Chinyanja a ku Zambia, makamaka ochokera ku Chipata, Katete ndi Petauke amene ali kuphunzira kapena kugwira ntchito mumzinda uno. Akukhudza mnyamata amene wakwanitsa zaka 18, sadwaladwala, amadya tsiku lililonse monga anzake, koma thupi lake silisintha. Sanalembedwere ana, ndiponso sanalembedwere munthu amene anali ndi thupi kale ndipo tsopano ali kuwonda.

Musanasinthe kadyedwe

Yambani mwayezetsa kulemera kwanu ndi msinkhu wanu, kenaka muwerengere BMI, nambala yoyerekeza kulemera kwa thupi ndi msinkhu. Chulukitsani msinkhu wanu, m'mamita, ndi nambala yomweyo, ndipo mugawe makilogalamu anu ndi yankho limene mwapeza. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu amene BMI yake ili pansi pa 18.5 ndi wochepa thupi, ndipo amene ali pakati pa 18.5 ndi 24.9 ali pamlingo woyenera. Anyamata ambiri amene amanyozedwa kuti ndi owonda amapezeka kuti ali pa 19 kapena 20, kutanthauza kuti alibe vuto lofuna chithandizo, ngakhale kuti angathe kutsatira malangizo awa ngati afuna thupi lamphamvu.

Munthu wochepa thupi mwachibadwa amakhala chimodzimodzi chaka ndi chaka, kawirikawiri bambo ake kapena amalume ake amakhalanso otero, ndipo amagwira ntchito yake osatopa msanga. Ngati lamba amene munkamanga chaka chatha tsopano afuna bowo lina, nkhani yanu ndi ina. Pitani kuchipatala musanayambe chilichonse ngati mwataya makilogalamu atatu kapena kuposerapo m'miyezi isanu ndi umodzi popanda chifukwa chodziwika, ngati muli ndi chifuwa chimene chapitirira masabata awiri, ngati mumatuluka thukuta lambiri usiku, ngati mumatsegula m'mimba nthawi yaitali, ngati mumamva ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi, kapena ngati mtima umagunda mofulumira manja akunjenjemera. Zizindikiro zimenezi zimapezeka pa TB, HIV, matenda a shuga, matenda a m'matumbo ndi vuto la chithokomiro chogwira ntchito mopyola muyezo, ndipo palibe chakudya chimene chingathetse matenda amenewa. Kuno ku Lilongwe mungayambire kuchipatala chaching'ono cha m'dera lanu kapena ku Bwaila, ndipo ngati pafunika kuyeza kwina adzakutumizani ku Kamuzu Central.

Tanthauzo la kudya mokwanira

Mnyamata akanena kuti amadya mokwanira amanena zoona, koma chakudya chakecho chimangokwanira kusunga thupi limene ali nalo. Thupi limakula pokhapokha mphamvu yolowa ndi chakudya ikaposa imene imatha tsiku limenelo. Muyezo umene akatswiri a kadyedwe amalangiza ndi kuwonjezera mphamvu ya m'chakudya yokwana makalole 300 mpaka 500 patsiku pamwamba pa zimene mumadya kale, ndipo zimenezi zimakweza sikelo ndi pafupifupi kota kapena theka la kilogalamu pasabata.

Anthu ambiri amayesa kuchita zimenezi powonjezera mitanda ya nsima, ndipo amalephera sabata isanathe. Nsima yophika ili ndi madzi ambiri, imadzaza m'mimba msanga, ndipo munthu amene wadzikakamiza kudya mitanda isanu masana amafika madzulo alibe njala, motero zimene anawonjezera masana amazichotsa usiku osazindikira. Njira yabwino ndi kusiya nsima pamlingo wake wa masiku onse, n'kuwonjezera zinthu zochepa m'maso koma zamphamvu zambiri. Nsawa zokazinga zodzaza dzanja limodzi, zimene ndi magalamu pafupifupi 30, zili ndi makalole 170. Kapu imodzi ya mkaka wosachotsa mafuta ili ndi pafupifupi 150, sipuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ili ndi 120, ndipo dzira limodzi lili ndi 70.

Chitsanzo cha mnyamata mmodzi

Tiyerekeze mnyamata wa zaka 22 amene akhala ku Kawale ndipo amayenda pansi kupita kuntchito kushopu ina mumzinda. Ndi wamtali mamita 1.75 ndipo alemera makilogalamu 54. Tikachulukitsa 1.75 ndi 1.75 tipeza 3.06, ndipo tikagawa 54 ndi 3.06 tipeza BMI ya 17.6, imene ili pansi pa mlingo. Kuti afike pa 18.5 afunika kulemera makilogalamu pafupifupi 57, ndipo kuti afike pa 20 afunika 61.

Tikayang'ana tsiku lake, tipeza kuti m'mawa amamwa tiyi wopanda mkaka ndi chigumu kapena mandasi amodzi, masana amadya nsima yambiri ndi ndiwo zamasamba, ndipo usiku amadya nsima ndi nyemba kapena kapenta. Iye amakumbukira mbale zazikulu ziwirizo, koma amaiwala kuti kuyambira usiku mpaka masana a tsiku lotsatira, maola opitirira khumi ndi asanu, m'mimba mwake munalowa tiyi ndi mandasi basi, pamene miyendo yake inayenda ulendo wautali.

Asachotse chilichonse pa chakudya cha masana ndi cha usiku. M'mawa adye phala la mgaiwa kapena Likuni Phala, lomwe ndi ufa wa chimanga wosakaniza ndi soya, ndipo phalalo likapsa athiremo sipuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira kapena masipuni awiri a nsinjiro. Cha m'ma 10 koloko adye nsawa zodzaza dzanja, zimene angathe kuzikazinga Lamlungu n'kuzisunga m'botolo lotseka bwino kuti azinyamula m'thumba. Asanagone amwe kapu ya mkaka. Mafuta, nsawa ndi mkakawo paokha akwana makalole 440, phala lisanawerengedwe. Tsiku limene ndalama ya mkaka palibe, mazira awiri owiritsa alowe m'malo mwake, ndipo nyengo ya mapeyala theka la peyala lalikulu ligwira ntchito yomweyo pamtengo wotsika. Ndiwo zamasamba monga nkhwani ndi chigwada zikhale zotendera m'malo mongofwafwaza. Pa nthawi ya chakudya asayambe ndi makapu awiri a madzi, thobwa kapena munkoyo, chifukwa amatseka malo a chakudya. Azimwa akatha kudya.

Akamawonjezera kota ya kilogalamu pasabata, makilogalamu atatu oyambirira amutengera masabata 12, ndipo kufika pa 61 kumutengera miyezi pafupifupi isanu ndi iwiri. Amene akulonjezani makilogalamu khumi m'mwezi umodzi akugulitsani madzi ndi mafuta a pamimba.

Pogula nsawa pamsika sankhani zouma bwino, ndipo tayani zonse zofota, zakuda, zowawa kapena za chuku, chifukwa chuku chimenecho chimatulutsa poizoni wowononga chiwindi amene satha ngakhale mutakazinga. Nsinjiro yogula yosinjasinja kale imabisa nsawa zoterozo, choncho ndi bwino kusinja nokha.

Kuti chakudyacho chisanduke minofu

Chakudya chowonjezera popanda ntchito yolemetsa minofu chimasanduka mafuta, ndipo mwa amuna mafutawo amakonda kukhala pamimba, manja ndi miyendo zili zowonda monga kale. Patulani masiku atatu pasabata, osatsatizana, ndipo tsiku lililonse muchite zinthu zinayi izi: kunjuta ndi kudzuka mutanyamula katundu pachifuwa, kudzikankha pansi ndi manja, kudzikokera m'mwamba pachitsulo kapena panthambi yolimba, ndi kutukula katundu pansi msana uli wowongoka. Simufunika malo olipiritsa, chifukwa chigubu cha malita 20 chodzaza madzi chimalemera makilogalamu 20, ndipo woyamba kumene angathiremo theka. Chilichonse muchite maulendo 8 mpaka 12, mupume mphindi ziwiri, n'kubwereza katatu. Mukaona kuti maulendo 12 akutheka mosavuta, wonjezerani kulemera pang'ono, pakuti minofu imakula pokhapokha ntchito yake ikamakula.

Munthu wochita zimenezi afunika mapuloteni pafupifupi magalamu 1.6 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, kutanthauza magalamu 86 patsiku kwa mnyamata wa ku Kawale uja. Kapenta, nyemba, soya, mazira, mkaka ndi nsawa zimakwanitsa mlingo umenewu ngati chimodzi mwa izo chipezeka pa chakudya chilichonse, ndipo ufa wodula wa mapuloteni wa m'zitini suposa zakudya zimenezi. Gonani maola 7 mpaka 9. Ngati mumasewera mpira tsiku ndi tsiku kapena mumapalasa njinga ya kabaza, mufunika kuyambira pa makalole 500 owonjezera, osati 300.

Kuyang'anira sikelo

Yezani kamodzi pasabata, m'mawa musanadye, pasikelo imodzimodziyo ndiponso mutavala zovala zofanana, ndipo mulembe m'kope. Masikelo a m'mbali mwa msewu amasiyana wina ndi mnzake, ndipo thupi lenilenilo limasintha ndi kilogalamu imodzi m'tsiku limodzi chifukwa cha madzi ndi chakudya, choncho musaweruze ndi muyezo umodzi. Pakapita masabata atatu sikelo isanasunthe, wonjezerani dzanja lina la nsawa kapena kapu ina ya mkaka. Mukaona kuti mukukwera kuposa theka la kilogalamu sabata iliyonse ndipo thalauza lathina m'chiuno pamene malaya sanathine m'mapewa, chepetsani mafuta ophikira. Ngati mkaka ukutupitsani m'mimba kapena kukutsegulani, yesani chambiko kapena yogati. Mukatsatira zonsezi miyezi itatu popanda kusintha kulikonse, bwererani kuchipatala ndi kope lanu.

Mankhwala amene simuyenera kumwa

M'misika ndi m'magolosale ena mumagulitsidwa mapiritsi ndi mankhwala amadzi amene amati ndi onenepetsa. Ambiri mwa iwo ndi dekisametazoni kapena puledinisoloni, mankhwala amene madokotala amapereka pa matenda monga mphumu yoopsa. Munthu akawamwa masabata angapo nkhope imatupa n'kukhala yozungulira, mimba imakula, ndipo anzake amamuyamikira kuti zinthu zayamba kumuyendera, pamene minofu ya m'ntchafu ndi m'mikono ili kutha. Mankhwalawa amakweza shuga ndi kuthamanga kwa magazi, amafewetsa mafupa, ndipo amafooketsa chitetezo cha thupi kotero kuti TB imene inali chigonere ingathe kudzuka. Ngati mwakhala mukuwamwa kwa masabata opitirira atatu, musasiye mwadzidzidzi, chifukwa thupi limakhala litasiya kupanga mahomoni ake ofanana nawo ndipo mungathe kukomoka. Pitani ndi paketi yake kuchipatala kuti akuchepetsereni pang'onopang'ono.

Mankhwala odzutsa chilakolako cha chakudya okhala ndi sipuloheputadini amagonetsa kwambiri, zimene ndi zoopsa kwa woyendetsa galimoto kapena njinga yamoto, ndipo ena awonongeka nawo chiwindi. Majakisoni okulitsa minofu amachepetsa mbewu ya abambo ndipo amatupitsa mabere mwa amuna. Chiponde cha m'timapaketi cha kuchipatala ndi mankhwala a ana ndi odwala onyentchera, ndipo amene achigula pamsika walanda mwana wodwala chithandizo chake. Mowa umakulitsa mimba yokha, ndipo fodya amapha njala, motero mnyamata wosuta amene afuna thupi ayambe ndi kufunsa kuchipatala njira yosiyira fodya.