Masamu 62, Chichewa 70: wakhoza kuti?

Mwana wa achemwali ku Chinamwali anabwera ndi lipoti: masamu 62, Chichewa 70. Mayi ake anafuna kumupezera mphunzitsi wapadera wa masamu. Ine ndinakayika, mayeso awiriwa sanali ofanana kulimba.

Ndinapempha malikisi a kalasi yonse, opanda mayina. Masamu avereji inali 50, kumwazikana kwa malikisi (pa Excel ndi `STDEV.P`) kunali 8. Chichewa avereji 66, kumwazikana 10. Kenako ndinawerengera z, nambala yosonyeza kuti malikisi a mwana atalikirana bwanji ndi avereji ya kalasi:

```
z = (malikisi - avereji) / kumwazikana
```

Masamu: 12 kugawa ndi 8, kutuluka 1.5. Chichewa: 4 kugawa ndi 10, kutuluka 0.4 basi. Ndiye kuti masamuwo ndi kumene anawasiya patali anzake! Koma z amangomuyerekeza ndi kalasi lakelo. Kalasi likakhala lofooka, 1.5 angakunamizeni. Zaganyu wa masamu tinazisiya.