Momwe mungalembere mutu wa pa kava kuti anthu adine vidiyo yanu

Munthu akalowa pa pulofailo yanu ya TikTok kapena Instagram amaona timabokosi titatu pa mzere uliwonse, ndipo kalikonse ndi kakang'ono moti chala chimodzi chikhoza kukaphimba. Ndiye mawu a pa kava, chithunzi chooneka m'kabokosiko, asapitirire anayi. Tiyerekeze vidiyo yanu ndi yophika mandasi. Mukalemba kuti "Momwe ndimaphikira mandasi kunyumba gawo loyamba" palibe amene awerenge, zilembo zichepa kwambiri. Lembani MANDASI OSAMWA MAFUTA basi, chifukwa limenelo ndi vuto lomwe aliyense wokazinga mandasi amalidziwa, ndipo akufuna aone kuti mwalithetsa bwanji.

Tsegulani Canva kapena CapCut, saizi 1080 x 1920. Canva yaulere ikukwanira. Anyamata aja ogulitsa maakaunti a Pro motchipa pa WhatsApp asiyeni, amakulowetsani mu gulu la munthu wina ndiye tsiku lina mumangopeza yatsekedwa, ndalama yapita. Chithunzi tengani pamene mwanyema ndasi pakati mkati mukuoneka mouma, osati pamene mukadali kukanda ufa.

Tsopano apa ndi pomwe panandivutapo ine. Vidiyo ndi yaitali, 9:16, koma pa pulofailo imadulidwa kukhala 3:4, ndiye kuti pa 1920 paja pamatsala 1440 yokha, mapikiselo 240 amachoka pamwamba, enanso 240 pansi. Mutu wa vidiyo yanga unali pamwamba penipeni, mu Canva ukuoneka bwino kwambiri, koma nditapositi mzere woyamba wonse unadulidwa, panangotsala OSAMWA MAFUTA ndipo munthu sakanadziwa kuti tikunena za chani. Pamene pakuvuta ndi poti mukamaonera vidiyoyo payokha zonse zimaoneka bwinobwino, vutolo mumaliona pokhapokha mutabwerera pa pulofailo.

Chomwe ndimachita pano, ndimajambula bokosi la 1080 x 1080 pakati penipeni pa chithunzi, kusiya 420 pamwamba ndi 420 pansi, mawu onse alowe mmenemo kenako bokosilo ndimalifufuta. Zimathandizanso chifukwa pa TikTok nambala ya anthu omwe aonera imakhala pakona yakumanzere pansi, ndipo mukapina vidiyo kachizindikiro kake kamabwera pamwamba kumanzere komweko, zonsezo zimaphimba zilembo zikakhala kumphepete.

Fonti ikhale yonenepa ngati Anton, zija zopindikapindika ngati za pa khadi la ukwati siziwerengeka. Mandasi ndi ofiirira, ndiye zilembo zoyera pa kabokosi kakuda zimaoneka bwino, zachikasu zimasowa. Mizere iwiri kapena itatu.

Musanapositi chepetsani chithunzicho pa foni mpaka chifanane ndi kabokosi ka pa pulofailo, tambasulani mkono muone ngati mukuwerenga. Kenako popositi dinani Edit cover, pa Instagram sankhani chithunzicho mu galale muonenso kadulidwe kake pa pulofailo. Mavidiyo otsatirawo fonti ndi malo zikhale zomwezo, muzingosintha mawu.