Momwe mungawerengere MACD, mzere wa siginolo ndi histogalamu panokha

MACD ndi chida choonera mphamvu ya kayendedwe ka mitengo pamsika. Mizere iwiri, wa MACD ndi wa siginolo, ndi timipiringidzo ta histogalamu timene mumaona pansi pa tchati zonse zimachokera pa chinthu chimodzi: mtengo wotsekera wa kandulo iliyonse, kutanthauza mtengo womaliza wa nthawi imene kanduloyo ikuimira, monga tsiku. Gerald Appel ndiye anayambitsa MACD chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo Thomas Aspray anawonjezera histogalamu mu 1986. Tengani pepala tiwerengere limodzi.

Yambani ndi EMA. Iyi ndi avereji imene imatsamira kwambiri pa mitengo yaposachedwa:

```
k = 2 / (n + 1)
EMA = EMA_dzulo + k * (mtengo - EMA_dzulo)
```

Apa n ndi chiwerengero cha makandulo. Pa makandulo 12, k ndi 0.1538, pa 26 ndi 0.0741; pa 9 ndi 0.2. EMA yoyambirira ilibe dzulo lake, choncho ambiri amayambira pa avereji wamba.

Tiyerekeze kuti dzulo mtengo unatseka pa 103, EMA ya 12 inali 102, ya 26 inali 100, siginolo ili pa 1.5. Ndiye kuti MACD inali 2, histogalamu 0.5. Lero mtengo watseka pa 104.

```
EMA12 = 102 + 0.1538 * 2 = 102.31
EMA26 = 100 + 0.0741 * 4 = 100.30
MACD  = 102.31 - 100.30 = 2.01
```

Mzere wa MACD ndi mpata wa pakati pa avereji yothamanga ya 12 ndi yochedwa ya 26, basi. Ukakhala pamwamba pa ziro, yothamangayo ili pamwamba pa inzake.

Kenako siginolo. Apa mpamene ambiri amasokonezeka: ndi EMA ya 9 ya MACD yomweyo, mtengo sulowamo mwachindunji. Pomaliza chotsani siginolo pa MACD, chotsalacho ndiye histogalamu.

```
siginolo = 1.5 + 0.2 * (2.01 - 1.5) = 1.60
histogalamu = 2.01 - 1.60 = 0.41
```

Taonani chimene chachitika. Mtengo wakwera, MACD nayo yakwera pang'ono, koma kampiringidzo kafupika kuchoka pa 0.5 kufika pa 0.41. Wongoyang'ana chithunzi angathamangire kugulitsa poganiza kuti zinthu zatembenuka. Sizinatembenuke ayi. MACD yangokwera pang'ono poyerekeza ndi siginolo, choncho siginolo yaiyandikira. Ine ndimati munthu asagwiritse ntchito histogalamu asanamvetse mfundo imeneyi, chifukwa ndalama zimatayika pomwepa. Kampiringidzo kakafika pa ziro ndiye kuti mizere iwiri ija yakumana, choncho musaziwerenge ngati zizindikiro ziwiri zogwirizana. Ndi nkhani imodzi yomweyo.

Siginolo ndi avereji ya kusiyana kwa maavereji, n'chifukwa chake imabwera mochedwa. Msika ukamangozungulira pamodzimodzi, mizereyi imapingasana mobwerezabwereza popanda tanthauzo. Mudzazindikira zimenezi poona MACD itakakamira pafupi ndi ziro, timipiringidzo tili tating'onoting'ono, tikusinthasintha mbali. Komanso MACD imayezedwa m'ndalama za mtengowo, ndiye 2.01 pa sheya ya 100 ndi yaikulu, koma pa sheya ya 5,000 si kanthu.