Momwe mungadziwire ngati mlandu wa kampani ulowe m'mabuku kapena ungotchulidwa m'manotsi

Chaka cha zachuma chikamatha, akauntanti ambiri mu Lilongwe muno savutika ndi ngongole zimene zili ndi invoisi, chifukwa pepalalo limanena lokha mwini ndalama, kuchuluka kwake ndi tsiku lolipira. Chimene chimasowetsa tulo ndi kalata ya loya imene yagona mu dilowa kuyambira mwezi wa Okutobala, yonena za ndalama zimene kampani mwina idzalipira, mwina ayi. Muyezo wa padziko lonse wa kalembedwe ka mabuku a zachuma umene umayankha funso la momwe ndalama yotereyi ingalembedwere ndi IAS 37, umene unatuluka mu 1998 n'kuyamba kugwira ntchito pa 1 Julayi 1999. Makampani ang'onoang'ono amene amatsata IFRS for SMEs amapeza mfundo zomwezi mu gawo 21 la muyezo wawo, ndipo amene amalemba mabuku a mabungwe a boma amazipeza mu IPSAS 19.

Mayankho alipo atatu. Ndalamayo ikhoza kulembedwa m'mabuku ngati pulovishoni, kutanthauza ngongole yeniyeni imene sitikudziwa bwino kukula kwake kapena tsiku lake, ndipo ikalembedwa imadya phindu la chakacho. Ikhoza kungofotokozedwa m'manotsi a kumapeto kwa lipoti ngati ngongole yamwinamwake, imene akauntanti amaitcha kontinjenti layabilite, osakhudza phindu. Kapena ikhoza kusiyidwa osatchulidwa n'komwe, ngati mwayi woti idzalipiridwa uli wochepa kwambiri.

Tiyeni titenge chitsanzo chongoyerekeza cha kampani yogulitsa ndi kuika zipangizo za sola ku Kanengo, imene imatseka mabuku pa 31 Disembala 2024. Pa desiki ya akauntanti pali mafayilo atatu: mlandu wa dalaivala amene anachotsedwa ntchito, dandaulo la kasitomala amene nyumba yake inapsa, ndi lonjezo lokonza mabatire amene kampani inagulitsa.

Choyamba: pezani chimene chinachitika kale

Musayambe ndi funso lakuti kodi tidzatulutsa ndalama. Yambani ndi lakuti, pofika pa 31 Disembala, kodi chilipo chinachitika chimene chamanga kampani manja moti singathe kuthawa kulipira? Pa fayilo ya dalaivala, chochitikacho ndi kumuchotsa ntchito mu Ogasiti 2024 popanda kumupatsa mpata wonena mbali yake, pamene lamulo la za ntchito la 2000 limafuna kuti munthu amvedwe asanachotsedwe chifukwa cha khalidwe kapena kagwiridwe kake ka ntchito. Onani kuti udindo wa kampani unabadwa pa tsiku lomuchotsalo, osati pa tsiku limene anakasuma kukhoti loona milandu ya pantchito, kapena limene khoti lidzagamule.

Funso lomweli limachotsa zinthu zambiri zimene abwana amakonda kupanikiza m'mabuku. Ngati denga la nyumba yosungiramo katundu likudontha ndipo oyang'anira agwirizana kuti alikonza mu Meyi, palibe pulovishoni, chifukwa palibe munthu wakunja amene kampani ili naye ngongole; ikhoza kusintha maganizo, kusamuka, kapena kupirira kudonthako. Chimodzimodzi kuluza kumene mukuyembekezera chaka chamawa chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja: n'koona kuti kukhoza kubwera, koma sikulembedwa lero. Lamuloli linakhwimitsidwa chifukwa kale makampani ankabisa phindu la chaka chabwino m'mapulovishoni opanda mutu, n'kudzalitulutsa chaka choipa kuti mabuku azioneka osalala.

Udindo sukhala wa m'malamulo wokha. Ngati kampani yakhala ikusinthira makasitomala katundu wowonongeka kwa zaka zambiri ngakhale pangano silinena choncho, ndipo anthu afika poyembekezera zimenezo chifukwa cha zochita ndi zonena za kampaniyo, chizolowezicho chimamanga ngati pangano lolembedwa.

Chachiwiri: yezani mwayi woti ndalama idzatuluka

Apa ndi pamene nkhani yonse yagona. Muyezo umanena kuti pulovishoni imalembedwa ngati mwayi wolipira uli waukulu kuposa mwayi wosalipira, ndiko kunena kuti wadutsa theka. Sufuna kuti mutsimikize kotheratu, ndipo sukulolani kudikira chigamulo.

Yankho lake silichokera m'mutu mwa akauntanti kapena mumtima mwa bwana. Lemberani loya wa kampani ndipo mupempheni ayankhe pa pepala mafunso atatu: kodi mlanduwu tikhoza kuwina kapena kuluza, tikaluza tidzalipira pakati pa zingati ndi zingati, ndipo zikhoza kutha liti. Pa mlandu wa dalaivala, tinene kuti loya wayankha kuti mu fayilo mulibe kalata yomuitanira ku bwalo la mwambo ngakhale maminitsi a zokambirana, choncho kampani ikuoneka kuti iluza. Zikatero mwayi wadutsa theka.

Ndaonapo mwini kampani akumenya tebulo n'kunena kuti munthu amene anaba mafuta sadzamupatsa ngakhale tambala, ndipo kulemba ndalamayo m'mabuku kuli ngati kuvomera mlandu. Mkwiyo wake umamveka, komatu mabuku safunsa amene ali wolungama. Amafunsa ngati ndalama idzatuluka. Akauntanti amene amagonja pa mphindi imeneyi amadzakumana ndi funso lomwelo odita akabwera, chifukwa oditawo amalemberanso loya yemweyo paokha.

Fayilo yachiwiri ikutuluka mosiyana. Kasitomala wa ku Eriya 25 akufuna K40 miliyoni ponena kuti moto umene unawononga nyumba yake mu Novembala unayambira pa zipangizo zimene kampani inaika. Koma lipoti la injiniya likusonyeza kuti motowo unayambira pa mawaya akale a m'nyumbamo amene kampani sinakhudze, ndipo loya akuti kasitomalayo ali ndi mwayi ndithu, koma wochepera theka. Imeneyi ndi ngongole yamwinamwake. Ngakhale K40 miliyoni ndi yaikulu kuposa ya dalaivala, silowa m'mabuku, chifukwa kukula kwa ndalama sikusintha yankho la funso la mwayi. Loya akanati dandaulolo lilibe phata konse, sibwenzi likutchulidwa ngakhale m'manotsi.

Chachitatu: pezani chiwerengero choyenera

Cholakwa chofala ndi kukopera ndalama imene wosuma walemba pa samani. Dalaivala akufuna K18 miliyoni, koma loya, poona zaka zimene anagwira ntchito ndi malipiro ake, akuti khoti likhoza kugamula pakati pa K5 miliyoni ndi K9 miliyoni, ndipo chimene chikuoneka kwambiri ndi K6.5 miliyoni. Pa mlandu umodzi woima paokha ngati uwu, mumayambira pa chiwerengero chimene chikuoneka kwambiricho, kenako n'kuona ngati zotheka zinazo zapendekera kumtunda kapena kumunsi. Ngati sizinapendekere mbali imodzi, lembani K6,500,000 ku debiti ya zowonongedwa za chakacho ndi K6,500,000 ku kirediti ya pulovishoni, imene idzaoneka pakati pa ngongole pa balansi shiti. Musaichepetse ponena kuti pajatu pali mwayi wina wowina. Mwayiwo munauyeza kale pa sitepe yachiwiri.

Anthu ambiri, kuphatikizapo eni makampani, amaganiza kuti kulemba pulovishoni ndi kusunga ndalama pambali. Sichoncho ayi. Palibe kwacha imodzi imene yasuntha ku banki, ndipo tsiku lolipira likadzafika kampani idzayenerabe kupeza ndalamayo.

Mabatire amawerengedwa mwa njira ina, chifukwa pamenepa zinthu n'zambiri zofanana. Tinene kuti mabatire 1,000 akadali m'nthawi ya lonjezo, ndipo mabuku a zaka zapitazo akusonyeza kuti pa mabatire 100 aliwonse, 85 sabwerera, 10 amafuna kukonza kwa K20,000, ndipo 5 amasinthidwa pa mtengo wa K300,000. Batire limodzi palokha lili ndi mwayi wochepa wobwerera, koma pa gulu lonse n'zosakayikitsa kuti ena adzabwerera, choncho mwayi umayezedwa pa gulu lonselo. Mabatire 100 okonza adzadya K2 miliyoni, mabatire 50 osintha adzadya K15 miliyoni, ndipo pulovishoni ndi K17 miliyoni. Ngati kwacha yagwa ndipo batire latsopano lakwera mtengo, gwiritsani ntchito mtengo wosinthira wa tsiku lotseka mabuku, osati umene munagulira chaka chatha.

Kunena kuti sitingathe kuwerengera si khomo lothawira. Muyezo umati zimachitika mwa apo ndi apo kwambiri kuti chiwerengero chodalirika chisapezeke, ndipo ngati loya watha kupereka malire a pansi ndi a pamwamba, ndiye kuti chapezeka. Ndalama zimene zidzalipiridwe patapita zaka zingapo zimatsitsidwa kufika pa mtengo wake wa lero ngati kusiyanako kuli kwakukulu, zimene kwathu kuno, kumene chiwongoladzanja chimakhala chokwera, zimachitika msanga.

Ngati kampani ili ndi inshulansi, musachotsere ndalama ya inshulansiyo pa pulovishoni mu balansi shiti. Imalembedwa payokha ngati chuma, pokhapokha zitakhala zotsimikizika pafupifupi kotheratu kuti idzaperekedwa, mwachitsanzo a inshulansi atavomera pa kalata, ndipo siyenera kuposa pulovishoniyo.

Chachinayi: lembani manotsi

Pa ngongole yamwinamwake, manotsi ndiwo malo okhawo amene banki kapena mwini masheya angaidziwire, choncho alembedwe momveka. Fotokozani mwachidule chimene chinachitika, ndalama imene ingafunike ngati n'zotheka kuiwerengera, zimene zikuchititsa kuti kuchuluka kwake kapena nthawi yake isadziwike, ndiponso ngati pali amene angabwezere kampani. Pa nkhani ya moto ija, noti inganene kuti kasitomala wasumira kampani K40 miliyoni chifukwa cha moto wa mu Novembala 2024, kuti oyang'anira, atamva uphungu wa loya ndi kuona lipoti la injiniya, akuona kuti kampani siikuoneka kuti idzalipira, ndipo chifukwa cha ichi palibe ndalama imene yalembedwa.

Pulovishoni nayonso imafuna noti yake, yosonyeza ndalama ya kumayambiriro kwa chaka, zowonjezeredwa, zogwiritsidwa ntchito, zobwezedwa ndi yotsala kumapeto. Amene amaopa kuti wosuma adzawerenga K6.5 miliyoni n'kuitenga ngati poyambira kukambirana adziwe kuti muyezo umalola, pa nthawi zosowa kwambiri pamene kuulula kungavulaze kampani pa mlanduwo, kusiya tsatanetsatane n'kungonena mtundu wa mkanganowo ndi chifukwa chimene zina sizinaululidwe. Chilolezo chimenechi chimakhudza manotsi okha. Ndalamayo imalembedwabe m'mabuku.

Chachisanu: bwererani ku mafayilo musanasayine

Mabuku amatsekedwa mu Disembala koma oyang'anira amawavomereza mwina mu Malichi, ndipo zochitika pakatipa zimatsata muyezo wina, IAS 10. Khoti likagamula mu Febuluwale 2025 kuti dalaivala apatsidwe K7.2 miliyoni, chigamulocho chikungotsimikiza ngongole imene inalipo kale pa 31 Disembala, choncho pulovishoni ya 2024 ikwezedwe kufika pa K7.2 miliyoni. Koma moto wina ukabuka mu Januwale pa zipangizo zimene zinaikidwa mu Januwale momwemo, umenewo ndi wa 2025, ndipo m'mabuku a 2024 ukhoza kungotchulidwa ngati uli waukulu.

Chaka chilichonse mafayilowa amaunikidwanso. Injiniya wachiwiri akadzapeza kuti waya wa kampani ndiwo unayambitsa moto wa ku Eriya 25, ngongole yamwinamwake ija idzasanduka pulovishoni m'chaka chimene mwayiwo wasintha. Dalaivala akadzavomera K5 miliyoni pokambirana kunja kwa khoti mabuku atasainidwa kale pa K6.5 miliyoni, K1.5 miliyoni yotsalayo idzabwezedwa ku phindu la 2025, ndipo siyenera kusamutsidwa kukalipirira mabatire kapena mlandu wina uliwonse.