Kuti nyimbo isameze mawu pa foni

Funso: “Ndimakonza mavidiyo a kwaya yathu ku Mbare. Pa kompyuta zikumveka bwino, koma pa foni nyimbo ikumeza mawu anga. Nditani?”

Yambani ndi mawu okha, nyimbo mutaitseka. Mu pulogalamu yokonzera mawu ya Audacity sankhani Normalize, muike -3 dB; dB ndi muyeso wa kukwera kwa mawu. Kenako tsegulani nyimbo, muitsitse ndi 20 dB pansi pa mawu.

Chachikulu chili apa. Kasipika ka foni sikatulutsa besi. Chotsala ndi kiyibodi ndi magitala, zomwe zimakhala malo amodzi ndi mawu a munthu. Choncho pa nyimboyo chepetsani 4 dB pamalo amenewo, pakati pa 1 kHz ndi 4 kHz, pogwiritsa ntchito Filter Curve EQ ya mu Audacity. Nyimbo yokhala ndi oimba musaiike pansi pa wolankhula, ine ndimakaniratu.

Pomaliza dzitumizireni vidiyoyo pa WhatsApp, mumvetsere panja makombi akudutsa, voliyumu ili theka. Liwu likakuphonyani, tsitsaninso nyimbo ndi 3 dB.